Tsiku limene linathera m'malonje ku Nkope

Pa 1 Novembala chaka chilichonse makoka okokera kugombe amaimitsidwa pa Nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Lamulo lilipo, la chaka cha 1997, koma lamulo silikwera bwato. Amene amaona kuti khoka la uje lalowa m'madzi usiku ndi makomiti a m'magombe, aja asodzi amangowatchula kuti mabivisi, amene anayambira ku Nyanja ya Malombe m'chaka cha 1993. N'chifukwa chake kumapeto kwa Okutobala kumakhala misonkhano yambiri m'mbali mwa msewu wochokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay: makomiti amafuna kugawana magombe, masiku olondera, ndi kumvana za chindapusa nyanja isanatsekedwe.

Msonkhano umene ndikufuna kufotokoza unali wa mtundu umenewu. Unachitikira mu holo ina ku Nkope, Lachisanu, kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe. Anaitana anthu 60 ochokera ku Makawa, Namiasi, Nkhudzi, Monkey Bay, ndi ena a tsidya la kum'mawa ku Malindi. Ndalama zinalipo, chakudya chinalipo, ngakhale magetsi sanavute tsiku limenelo. Chimene chinaononga msonkhanowo ndi pepala limodzi.

Mlembi wa komiti yokonza anali mnyamata wakhama. Pulogalamu anailemba kutatsala sabata ziwiri, ndipo aliyense woiona akanati ili bwino. Kulembetsa mayina 8:00, mapemphero ndi malonje 8:30, zolankhula 9:00, tiyi 10:00, maphunziro atatu kuyambira 10:30 mpaka 12:30, nkhomaliro, zokambirana m'magulu 1:30, mgwirizano wa kalondera 3:00, kutseka 4:00. Pepala limenelo ndi labwino kumata pakhomo la holo kuti wobwera adziwe nthawi ya tiyi. Koma iye anatumiza lomwelo kwa olankhula onse ndi kwa woyendetsa mwambo, mphunzitsi wamkulu wopuma amene amadziwika pa maukwati ndi misonkhano ya kuderalo, ndipo anaganiza kuti ntchito yatha.

Analitumizanso katatu. Loyamba linali loyeserera, limene linkati zolankhula ziyamba 10:00. Apampando atati nthawi imeneyo ndi yochedwa, anakonza n'kutumiza lachiwiri pa gulu la WhatsApp. Lachitatu linangosintha dzina la wolankhula mmodzi. Mafayilo onse atatu anali ndi dzina limodzi, opanda deti, opanda nambala. Ku ofesi ya mlendo wolemekezeka anasindikiza loyamba lija n'kuika pa tebulo la bwana, ndipo palibe amene anawaimbira kuti lasintha.

Mavuto anayambira pakhomo. Tebulo lolembetsera linali limodzi, pepala limodzi, cholembera chimodzi, ndipo munthu aliyense ankalemba dzina, gombe lake, udindo, nambala ya foni n'kusaina. Zimenezi zimatenga pafupifupi mphindi imodzi kwa munthu wozolowera kulemba, ndipo ena amafuna kuthandizidwa. Anthu 60 ndiye ola lathunthu, osati theka la ola limene linali papepala. Kuwonjezera apo, ambiri mwa oitanidwawo ndi eni zilimira. Usipa amaupha usiku ndi nyali, mabwato amakocheza m'bandakucha, ndipo mwini wake sachoka pagombe asanagulitse ndi kugawana ndi alovi ake. Aliyense wokhala kunyanja amadziwa kuti mwezi ukakhala wowala usodzi wa nyali umachepa, ndipo ndi masiku amene msodzi angafike pamsonkhano m'mawa ali wogona bwino. Sabata imeneyo inali ya mdima. Holo inadzaza cha m'ma 9:15.

Kenako kunali kudikira. Woyendetsa mwambo anapita kwa mlembi.

"Mwanangu, anthu akwana. Tiyambe maphunziro, bwana akafika tidzawalandira?"

"Aphunzitsi, sindingathe kunena. Apampando akuti tidikire pang'ono, ali m'njira."

"Ali m'njira pati? Pa Makawa kapena pa boma?"

Palibe ankadziwa, chifukwa nambala ya dalaivala kapena ya wothandizira bwanayo sinalembedwe paliponse. Woyendetsa mwambo analola kuti tiyi amwedwe msanga, anthu anabalalika pansi pa mitengo kuthawa kutentha kwa Okutobala, ndipo galimoto itafika 10:10, bwana anatsika akumwetulira poganiza kuti wachedwa ndi mphindi khumi zokha. Kusonkhanitsanso anthu kunatenga mpaka 10:30. Maola awiri anali atapita, mawu oyamba a msonkhano asanalankhulidwe.

Apa ndi pamene pepala lija linaonetsa kuperewera kwake kwenikweni. Mzere wa "mapemphero ndi malonje" sunanene kuti malonje achitika bwanji. Shehe ndi wansembe atapemphera, apampando anati aliyense adzitchule yekha. Munthu wa kwathu kuno sangangoti dzina langa ndi uje n'kukhala pansi; amayamba walemekeza mafumu ndi akuluakulu. Ngakhale titati theka la mphindi pa munthu, anthu 60 adya mphindi 30. Mzere wa "zolankhula" nawo sunanene kuti olankhula ndi angati. Anakhala asanu ndi mmodzi, motsatira ulemu wa malo: nyakwawa inaitana gulupu, gulupu anaitana mfumu yaikulu, kenako khansala, woimira bwanamkubwa, ndi mlendo wolemekezeka. Aliyense anayamba ndi mndandanda womwewo wa maudindo. Palibe anauzidwa kuti ali ndi mphindi zingati, choncho palibe amene anganenedwe kuti anapyola. Zolankhula zinayamba 11:10 n'kutha 12:25.

Pofika nthawi imeneyo mipando yambiri inali yopanda anthu. Linali Lachisanu, ku Mangochi. Kuyambira cha m'ma 12 koloko Asilamu anayamba kutuluka mmodzimmodzi kukakonzekera swala ya Ijuma. Sanachite mwano, pepala ndi limene linachita ngati silikudziwa kumene msonkhano ukuchitikira. Atajambula chithunzi cha gulu, chimene sichinali pa pulogalamu koma chinatenga kotala ya ola, apampando anaona kuti tsiku likuthawa ndipo analamula kuti phunziro limodzi lichitike nkhomaliro isanadyedwe. Motero phunziro lofunika kwambiri, lofotokoza chifukwa chake nyanja imatsekedwa m'miyezi imeneyi, linaperekedwa pamene a ku Malindi ndi a ku Makawa ambiri anali kumzikiti.

Wofufuza za nsomba amene anapereka phunzirolo si munthu wosaganizira anzake. Iye anaona papepala maola awiri ndi mayina atatu, anagawa, napeza mphindi 40, nakonza masilaidi 42. Sanauzidwe kuti padzakhala womasulira, pamene iye mawu ake ambiri a zasayansi amawanena m'Chingerezi. Sanauzidwenso kuti atumize fayilo yake pasadakhale, ndiye mphindi khumi zinapita posakasaka chingwe cholumikizira laputopu yake ku pulojekita. Analankhula kuyambira 12:50 mpaka 1:50.

Tiyeni tichite masamu amene mlembi akanachita asanatumize pepala. Maola awiri ndi mphindi 120. Kutchula wolankhula, iye kuyenda kufika kutsogolo, kupatsirana maiki ndi kutsegula fayilo, ndi mphindi zitatu pa munthu. Tinene khumi kwa onse atatu. Mafunso, ngati tikufunadi kuti asodzi afunse, mphindi khumi pa phunziro, zonse 30. Zatsala 80, ndiye kuti aliyense ali ndi mphindi 26, osati 40. Ngati pali womasulira amene amadikira kuti wolankhula amalize chiganizo ndiye iye abwereze, nthawiyo imagawika pakati: wolankhulayo mawu akeake ndi a mphindi 13 zokha. Silaidi imodzi yofuna kufotokozedwa imatenga mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri. Wofufuza uja anafunika kubwera ndi masilaidi asanu ndi atatu. Nambala imeneyo sakanailota. Inayenera kulembedwa mu uthenga umene analandira.

Nanga woyendetsa mwambo bwanji sanamudule? Ambiri anamunena pambuyo pake, ena mpaka kutchula za mbewa ya manyazi imene inafera kuuna. Ine sindikugwirizana nawo. Kuti munthu aimirire n'kudula mlendo pamaso pa mafumu, ayenera kukhala ndi chinthu chogwira m'manja chimene wolankhulayo anavomera kale. Akanakhala ndi mzere wonena kuti phunziro litha 11:05, kuimirira kwake kukanakhala kukumbutsa pangano. Popanda mzerewo, kukanakhala chipongwe. Mphunzitsi uja anasankha ulemu, ndipo pa zimene anapatsidwa, anasankha bwino.

Zotsalazo zinagwa mofulumira. Nsima imene amayi a kukhitchini anapakula 12:30 monga anauzidwira inadyedwa cha m'ma 2 koloko itazizira. Wofotokoza za malamulo anayamba 2:50 ndipo naye anatenga mphindi 45 zake zimene anakonzekera. Wachitatu anali mayi wogula ndi kuyanika usipa, amene anabwera kudzanena mmene kutseka nyanja kumakhudzira amayi a geni ya nsomba ndi zimene iwo angachite pokana kugula tiana ta chambo. Woyendetsa mwambo anawanong'oneza kuti, "Mayi, mutikhululukire, mungotipatsa mitu yokha, mphindi zisanu." Mayiwo anali atatseka geni yawo tsiku lonse. Zokambirana za m'magulu zinachotsedwa. Cha m'ma 3:45 munthu wina analowa ndi pepala la alawansi n'kukhala nalo kumbuyo kwa holo, ndipo mzere unapangika pomwepo. Eni zilimira anali ndi chifukwa chomveka chofulumirira, pakuti mafuta a injini ndi nyali zimakonzedwa dzuwa lisanalowe, ndipo mwezi umenewu limalowa 6 koloko isanakwane. A ku Malindi anali ndi ulendo wokwera kawiri, kukatsikira pa boma n'kuwoloka Shire. Apampando atafika pa mzere wa mgwirizano, mu holo munali anthu osapitirira 20, ndipo magombe ena analibe owaimira. Anagwirizana kuti adzakumananso. Ndalama zokumanirananso panalibe, ndipo 1 Novembala inafika popanda ndandanda wa kalondera.

Taonani kumene mphindi zinatayikira ndi kumene zinalipiridwa. Zinatayika m'mawa, pa zinthu zimene sizinalembedwe: mzere wolembetsa, malonje, chithunzi, chingwe, womasulira. Koma analipira ndi amene anali kumapeto kwa pepala, mayi wa usipa ndi mgwirizano umene anthu anaitanidwira. Zimakhala choncho nthawi zonse, chifukwa ulemu wathu umaika akuluakulu poyamba ndipo ntchito yeniyeni imabwera pambuyo.

Pulogalamu ya olankhula ndi woyendetsa mwambo siyambira pa 8 koloko kupita kutsogolo. Imayambira pa nthawi zimene sizingasunthe. Ku Nkope Lachisanu, nthawi zimenezo ndi ziwiri: kuyambira 12:00 mpaka 1:30 ndi swala ndi nkhomaliro pamodzi, ndipo 3:30 anthu ayenera kukhala atamasulidwa. Kuyamba koona, poganizira asodzi, ndi 9:00. Ndiye kuti tsiku lonse lili ndi maola asanu ogwirira ntchito, osati asanu ndi atatu amene pepala lija linkaonetsa. M'maola asanuwo, choyamba kupatsidwa malo ndi chimene mwaitanira anthu: mphindi 50 za magulu, 30 za malipoti, 30 za mgwirizano, 10 zotsekera, zonse masana kuyambira 1:30. Zotsalazo ndiye zigawane maphunziro ndi zolankhula. Mukachita motero mumaona msanga kuti olankhula asanu ndi mmodzi sakwana, ndipo nkhani imeneyo mumakaikamba ndi mafumu kutatsala sabata, osati pa tsikulo. Mfumu simuionetsa chikwangwani cha mphindi pagulu. Apampando amapita okha, kapena kudzera mwa nduna yake, n'kupempha kuti mfumu yaikulu ilankhule m'malo mwa mafumu onse, enawo atchulidwe mwaulemu ndi woyendetsa mwambo. Mafumu ambiri amavomera akapemphedwa kunyumba kwawo. Chimene sangachilandire ndi kudzidzimutsidwa pamaso pa anthu awo.

Pepala la woyendetsa mwambo limaoneka chonchi, ndingotengako mizere ya pakati pa m'mawa:

10:00 – 10:25 Wofufuza za nsomba, mphindi 25 pamodzi ndi womasulira. Fayilo ili kale pa laputopu ya mlembi. Chikwangwani cha "5" pa 10:20, cha "1" pa 10:24.
10:25 – 10:35 Mafunso atatu okha, limodzi la amayi.
10:35 – 10:38 Kusinthana. Wa zamalamulo akhale kale pampando wa kutsogolo.
10:38 – 10:53 Wa zamalamulo, mphindi 15, m'Chichewa, popanda pulojekita.
11:05 – 11:20 Mayi wa geni ya usipa. Osadula.
11:45 – 12:00 Palibe kanthu.

Mzere womalizawo ambiri amauchotsa poganiza kuti ndi kutaya nthawi, koma ndi umene umameza kuchedwa kwa m'mawa kuti kusawolokere masana. Pepala la anthu onse lisauonetse. Ukhale wa woyendetsa mwambo ndi apampando okha. Pepala lomwelo likhalenso ndi dzina lonse ndi udindo wa aliyense monga akufunira kutchulidwa, pakuti kulakwitsa udindo wa mfumu kumabala kupepesa kumene kumadyanso mphindi. Pansi pake palembedwe mayankho a mafunso awiri amene mphunzitsi uja analibe. Mlendo wolemekezeka akapanda kufika pofika 9:15, maphunziro ayambe, ndipo adzatsegulira msonkhano phunziro limene lili mkati likatha. Ofesi yake iuzidwe zimenezi pasadakhale kuti asaone ngati wanyozedwa. Ndipo nthawi ikathawabe, choyamba kudulidwa ndi chiyani, chachiwiri ndi chiyani: mwina mafunso atsike kufika pa mphindi zisanu, chithunzi chisamukire ku nthawi ya nkhomaliro. Apampando asaine pansi pa zimenezi. Siginecha imeneyo ndi imene imapatsa woyendetsa mwambo mphamvu zoimirira.

Wolankhula aliyense safunika pepala lonselo lokha. Munthu wotanganidwa amangoyang'ana dzina lake n'kutseka foni. Amafunika uthenga wakewake, waufupi, wolembedwa m'mawu osati m'fayilo yokha, chifukwa kugombe netiweki ndi bandulo sizilola nthawi zonse kutsitsa fayilo. Uthengawo unene zonse: "Bambo, mulankhula Lachisanu kuyambira 10:00 mpaka 10:25. Padzakhala womasulira, choncho konzani mawu a mphindi 12, masilaidi osapitirira asanu ndi atatu. Mafunso ali ndi nthawi yakeyake. Tumizani fayilo pofika Lachitatu madzulo, ndipo mufike pa holo 9:00. Omvera ndi asodzi ndi amayi a geni ya nsomba. Chonde yankhani kuti mwavomera." Timizere tiwiri ta buluu ta pa WhatsApp timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, osati kuti munthu wawerenga n'kuvomera. Amene sanayankhe pofika tsiku lotsatira aimbiridwe, ndipo pafoni pomwepo mumufunse kuti wakonza masilaidi angati. Akati 40, mwadziwiratu masiku atatu tsiku lisanafike kuti pulogalamu yanu yasweka, ndipo mudakali ndi mpata wokambirana naye. Kwa mayi ngati wa usipa uja, amene mwina foni yake ndi ya mabatani, kuimba ndiye njira yokhayo, ndipo ndi bwino kuyeserera naye kamodzi akuyang'ana wotchi, chifukwa munthu wosazolowera kulankhula pagulu sadziwa kutalika kwa mphindi 15.

Za mafayilo atatu a dzina limodzi, mankhwala ake ndi osavuta. Pepala loyeserera lisatuluke kunja kwa komiti yokonza. Lotuluka likhale PDF kuti wina asasinthe, ndipo pamwamba pake ndi pa dzina la fayilo pakhale deti ndi nambala, monga `Pulogalamu_Nkope_2_Okutobala24.pdf`. Likasintha, uthenga unene chimene chasintha: "Zolankhula tsopano ndi 9:15, osati 10:00, tayani pepala loyamba." Kutatsala masiku awiri, kusintha kulikonse kuchitike pa foni, kwa munthu amene kwamukhudza ndi kwa woyendetsa mwambo. Kwa mlendo wolemekezeka, amene ayenera kuimbiridwa ndi yemwe amasunga buku la maulendo ake ndi dalaivala, pakuti ndi iwo amene amadziwa ola limene galimoto inyamuke. Wochokera ku Lilongwe kudzera ku Golomoti kapena ku Blantyre kudzera ku Liwonde ali ndi maola angapo pamsewu. Ngati akuti anyamuka m'mawa wa tsiku lomwelo, musamuike pa mzere woyamba.

Pali malire a zimene pepala lingachite. Maliro akagwa m'mudzi wapafupi, theka la holo lidzapita, ndipo palibe mzere umene ungaletse. Mlendo wamkulu kwambiri akafuna kulankhula ola, adzalankhula. Chimene pepala labwino limachita pa tsiku lotero ndi kuuza woyendetsa mwambo chimene ateteze pamene zina zonse zikugwa, kuti asachite kuganiza yekha ali chiimire, maiki ili m'manja.

Chaka chotsatira komiti yomweyo inapemphanso mphunzitsi uja kuti ayendetse msonkhano. Anavomera, koma anaika mfundo zitatu: usakhale Lachisanu, amupatse pepala la mphindi kutatsala masiku atatu kuti aliwerenge ndi wotchi m'manja, ndipo wosunga alawansi asalowe mu holo pemphero lotsekera lisanathe. Mayi wa usipa ataitanidwanso anakana, anati ali ndi oda ya ku Limbe.